Chifukwa chake padi yachisanu imakana kulowa mu gemu

Anthu asanu kapena 6 akakhala pa TV imodzi, aliyense ndi padi yake m'manja, zimachitika kawirikawiri kuti anayi alowa mu gemu bwinobwino koma wachisanu nyali ya padi yake ikungophethira mpaka kuzima. Ambiri amathamangira kunena kuti padi yafa, ena amagula ina. Koma nthawi zambiri padiyo ilibe vuto. Yangofika pa malire, ndipo malirewo alipo atatu osiyana: a njira yolumikizira, a makina omwe mukusewererapo, ndi a gemu yeniyeniyo. Padi iyenera kudutsa onse atatu, ndipo amene ali ochepa kuposa anzake ndiwo amalamula. Mukadziwa pamene padi yaima, mwadziwanso ngati vutolo lingakonzeke kapena ayi.

Makina a gemu ndiwo osavuta kumvetsa, chifukwa opanga anaika nambala imodzi yosasintha. PlayStation 4 ndi PlayStation 5 zimalandira mapadi anayi nthawi imodzi. Xbox 360 inkalandiranso anayi, pomwe Xbox One ndi Xbox Series zimafika 8. Nintendo Switch imafikanso 8. PlayStation 3 inkalola 7, ndipo ichi ndicho chimasokoneza anthu amene anazolowera kusewera mpira ali chigulu pa PS3: atagula PS4 amayembekezera zomwezo kapena kuposa, n'kupeza kuti nambala yatsika.

Ganizirani za malo amenewa ngati mipando ya m'galimoto. Pa PS4 mipando ndi inayi, ndipo mpando uliwonse umamangidwa ku dzina la wosewera. N'chifukwa chake mukadina batani la PS pa padi yachiwiri, makina amafunsa kuti akugwiritsa ntchito padiyo ndani, ndipo mumasankha dzina lomwe lilipo kale kapena kulowa ngati mlendo. Anthu anayi akalowa, palibe njira yowonjezera wachisanu. Chingwe cha USB sichithandiza, habu yowonjezera madoko a USB sithandiza, padi ya kampani ina sithandizanso, chifukwa chimene chatha ndi mipando osati mphamvu ya wayilesi. Mutha kudziwa mpando wa padi poyang'ana mtundu wa nyali ya DualShock 4, padi ya PS4: wosewera woyamba ndi wa buluu, wachiwiri wofiira, wachitatu wobiriwira, wachinayi wa pinki, ngakhale magemu ena amasintha mitunduyi akayamba.

Pali kavuto kena komwe kamaoneka ngati malire koma si malire. Munthu akachoka n'kuzimitsa padi yake, dzina lake limakhalabe pampando. Wobwera kumene ndi padi ina akafuna kulowa ndi dzina latsopano amakanidwa, ngakhale mapadi oyaka ndi atatu okha. Asankhe dzina la wochokayo, kapena mutulutse dzinalo kudzera pa `Power` kenako `Log Out of PS4`.

Pa Switch kawerengedwe ndi kosiyana, ndipo apa ndi pamene anthu amalakwitsa masamu. Joy-Con iliyonse, kapadi kamene kamalowetsedwa m'mbali mwa Switch, imawerengedwa payokha. Munthu akagwira yakumanzere ndi yakumanja pamodzi ngati padi imodzi, wadya malo awiri mwa 8 aja. Choncho anthu anayi onse akatero, malo atha ngakhale osewera ndi anayi okha. Kuti anthu 8 alowe, aliyense agwire Joy-Con imodzi chopingasa kapena Pro Controller, yomwe imawerengedwa ngati imodzi. Ndondomeko ya osewera imakonzedwa pa `Controllers` kenako `Change Grip/Order`: woyamba kudina L ndi R, kapena SL ndi SR ngati wagwira chopingasa, ndiye wosewera woyamba, ndipo enawo amatsatira monga momwe adinira. Chinanso chofunika kuchikumbukira ndi chakuti kuyambira 2021 Switch imalola mahedifoni a Bluetooth, koma akalumikizidwa, mapadi opanda chingwe amene angagwire ntchito amatsika kufika pa awiri okha. Padi yachitatu ikakana pa Switch, yambani mwaona ngati pali hedifoni kapena sipika yolumikizidwa.

Malire a gemu ndi achidule kufotokoza. Switch imodzimodziyo imene imalandira mapadi 8 imalola anthu 8 mu Super Smash Bros. Ultimate, koma Mario Kart 8 Deluxe imaima pa anayi pa TV imodzi. Padi yachisanu ilumikizika, nyali yake iyaka, koma mu mpikisano mulibe malo ake. Nambalayi imalembedwa kuseri kwa bokosi kapena pa tsamba la gemu, ndipo muziwerenga ya osewera pa makina amodzi, osati ya pa intaneti.

Pa kompyuta ya Windows

Apa ndiye pali nkhani yaitali, chifukwa palibe nambala imodzi. Kompyuta imatha kuona mapadi ambiri pomwe gemu ikuona anayi okha, ndipo gwero lake ndi njira imene gemu imafunsira Windows za mapadi.

Magemu ambiri a pa kompyuta amagwiritsa ntchito XInput, njira imene Microsoft inapangira padi ya Xbox 360, makina omwe anatuluka mu 2005. Padi ija inali ndi mkombero wa nyali wogawidwa panayi, gawo lililonse kuimira wosewera mmodzi, ndipo XInput inamangidwa pa nambala yomweyo. Mu fayilo imene olemba magemu amagwiritsa ntchito muli mzere uwu:

```
#define XUSER_MAX_COUNT 4
```

Gemu imafunsa za padi 0, 1, 2 ndi 3, basi. Palibe nambala imene ingatchule kuti ifike pa padi yachisanu. Windows imagawa mipandoyi motsata amene wayamba kulumikizika, ndipo padi imasunga mpando wake mpaka itazima kapena kuzulidwa. Gemu singasinthe ndondomeko imeneyi. Ndiye ngati mwini kompyuta wapezeka kuti ndi wosewera wachitatu ndipo sakutha kuyendetsa menyu, njira yake ndi kuzimitsa mapadi onse n'kuyatsanso imodziimodzi, kuyambira ya amene akufuna kukhala woyamba, makamaka gemu isanatsegulidwe.

Pali njira zina zimene zilibe malire a anayi. DirectInput, yomwe ndi yakale kuposa XInput, imaona mapadi ambiri, ndipo ndiyo imagwiritsidwa ntchito ndi mapadi otchipa a USB ooneka ngati a PS2. Windows.Gaming.Input, yobwera ndi Windows 10, imapitirira anayi. Steam Input, njira ya pulogalamu ya Steam yogulira ndi kusewerera magemu, imafika mapadi 16. Koma wosewera sasankha yekha njira. Amasankha ndi amene analemba gemuyo. Gemu imene imawerenga XInput yokha siidzaona padi yachisanu ngakhale mutagula zida zodula bwanji, ndipo chomwe chatsala ndi kuika munthu mmodzi pa kiyibodi ngati gemuyo imalola.

Tsopano za njira yolumikizira. Bluetooth ya mtundu wakale, yomwe DualShock 4, DualSense ya PS5 ndi mapadi a Switch amagwiritsa ntchito, imapatsa chida chilichonse cholumikizidwa nambala ya mabiti atatu. Mabiti atatu amapereka manambala 8, imodzi imasungidwa kuti ikhale youlutsira uthenga kwa onse, ndiye zimatsala zida 7. Koma 7 ameneyu ndi wa papepala. Wayilesi ndi imodzi, ndipo imalankhula ndi zidazo mosinthanasinthana m'tizigawo ta nthawi tating'ono kwambiri. Kiyibodi imatumiza uthenga pokhapokha mwadina batani, pomwe padi imatumiza malo a timitengo take ndi mabatani ake kambirimbiri pa sekondi iliyonse osapuma. Mapadi akachuluka, nthawi ya wayilesi imatha. Pa malaputopu ambiri mavuto amayamba pa padi yachitatu kapena yachinayi: wosewera pa sikirini amachedwa kumvera, amapitiriza kuthamanga mutasiya kamtengo, kenako padi imodzi imaduka yokha. Zikayamba kuchitika pomwe mwangowonjezera padi, ndipo zikusiya mukaizimitsa, vuto ndi wayilesi osati batire.

Musaiwale kuti mausi, mahedifoni ndi foni zolumikizidwa pa Bluetooth zimadya nawo nthawi yomweyo, ndipo mahedifoni ndiwo amadya kwambiri. Mndandanda wa zida zimene kompyuta imazikumbukira utha kukhala wautali popanda vuto. Zowerengedwa ndi zimene zalembedwa `Connected` panthawiyo. Kugula adaputa yachiwiri ya Bluetooth sikuwonjezera malo, chifukwa Windows imagwiritsa ntchito wayilesi imodzi yokha ya Bluetooth nthawi imodzi. Adaputa yabwino ingalowe m'malo mwa ya m'kati mwa laputopu mutaizimitsa ija mu `Device Manager`, koma ziwirizo sizigwirira ntchito limodzi.

Bluetooth imagwira pa 2.4 GHz, pomwe pamadutsanso Wi-Fi, ndipo madoko a USB 3.0 ndi zingwe zake amatulutsa phokoso la wayilesi pa malo omwewo. Adaputa yolowetsedwa pafupi ndi hadi disiki ya USB 3.0, kapena kuseri kwa kompyuta yoikidwa pansi pa tebulo, imamva movutikira. Kachingwe kotalikitsira USB ka mita imodzi, kobweretsa adaputa poyera moyang'anana ndi osewera, kamathetsa mavuto ambiri amene anthu amawanamizira mapadi.

Mapadi a Xbox ali ndi njira yawoyawo, Xbox Wireless, yomwe si Bluetooth. Pa kompyuta imafuna kachipangizo kotchedwa Xbox Wireless Adapter, ndipo Microsoft imati kamanyamula mapadi 8, kapena anayi ngati ali ndi mahedifoni olankhulira, kapena awiri ngati mahedifoniwo ndi a sitiriyo. Pa Bluetooth, kampaniyo imalangiza kulumikiza padi imodzi yokha. Ndiye amene akufuna mapadi a Xbox ambiri opanda chingwe agule adaputayo m'malo molimbana ndi Bluetooth ya laputopu.

Tiyese ndi mapadi 6

Tinene kuti pali laputopu ya Windows, gemu ya pa Steam imene tsamba lake likuti imalola anthu 8 pa makina amodzi, ndi anthu 6. Mapadi alipo awiri a Xbox Series, atatu a DualShock 4 ndi imodzi yotchipa ya USB. Pa laputopu pali DS4Windows, pulogalamu imene ambiri amaika kuti padi ya PS4 izigwira ntchito. Asanu ayatsa mapadi awo pa Bluetooth, yotchipa ija ili pa chingwe. Zotsatira zake: anayi alowa, DualShock 4 imodzi ikuyendetsa osewera awiri nthawi imodzi, yachitatu siikuoneka mu gemu, yotchipa ija siikuchita kanthu, ndipo onse akudandaula kuti gemu ikuchedwa kumvera.

Musanasinthe chilichonse, tsekani gemu, dinani batani la Windows pamodzi ndi R, n'kulemba:

```
joy.cpl
```

Patuluka mndandanda wa mapadi onse amene Windows ikuwaona. Werengani mizere. Mapadi enieni ndi 6, koma mungapeze mizere 8 kapena 9, ndipo owonjezerawo ali ndi dzina la padi ya Xbox 360 yomwe m'nyumbamo mulibe. Awa ndi mapadi ongoyerekezera. DS4Windows imawerenga DualShock 4 yeniyeni, kenako imapanga padi ya Xbox 360 ya m'mapulogalamu mokha kudzera mu pulogalamu ina yotchedwa ViGEmBus, kuti magemu a XInput aione. Padi yongoyerekezerayi imakhala pampando wa XInput ngati yeniyeni. Masamu ake ndi awa: mapadi awiri a Xbox atenga mipando iwiri, awiri ongoyerekezera atenga yotsalayo, ndipo wachitatu wasowa pokhala. Ndipo popeza DualShock 4 yeniyeni ikuonekabe pambali pa chithunzithunzi chake, gemu imene imawerenga njira zonse ziwiri imalandira batani limodzi kawiri, n'kuliyesa anthu awiri.

Kukonza kwake kumayamba ndi kusankha womasulira mapadi mmodzi, DS4Windows kapena Steam. Popeza gemuyi ili pa Steam, tsekani DS4Windows kotheratu, kuphatikizapo kachizindikiro kake pafupi ndi wotchi, n'kutsegulanso `joy.cpl` kuti muone kuti mizere yabwerera pa 6. Kenako mu Steam pitani pa `Settings` ndi `Controller`, muyatse chithandizo cha mapadi a PlayStation ndi cha mapadi wamba. Amene akufunabe DS4Windows pa magemu akunja kwa Steam aike HidHide, yomwe imabisa padi yeniyeni kuti gemu izingoona yongoyerekezera; koma akumbukire kuti izi zimathetsa kuwerengedwa kawiri kokha, mipando ya XInput imakhalabe inayi. Pa tsamba lomwelo la Steam palinso `Xbox Extended Feature Support`, imene imafunika mapadi a Xbox okhaokha akapitirira anayi, ndipo imafuna kuti muzimitse kompyuta n'kuyatsanso mukaiika. M'chitsanzo chathu a Xbox ndi awiri okha, choncho siikufunika.

Chotsatira ndi kupeputsa wayilesi. Mapadi asanu pa Bluetooth imodzi ndi ambiri. Ikani awiri a Xbox pa zingwe za USB-C, DualShock 4 imodzi pa chingwe cha micro-USB, ndipo pa Bluetooth patsale awiri okha, mahedifoni atazimitsidwa. Pamodzi ndi yotchipa ija, zingwe zakwana zinayi, ndipo laputopu ili ndi madoko awiri kapena atatu, ndiye pafunika habu. Apa samalani. Doko la USB 2.0 limapereka 500 mA, la USB 3.0 limapereka 900 mA, ndipo habu yopanda adaputa yakeyake ya magetsi imagawa mphamvu ya doko limodzilo ku zida zonse. Kuseri kwa DualShock 4 kunalembedwa 800 mA. Mapadi angapo akamachaja komanso kunjenjemera nthawi imodzi pa habu yotere, mumamva kaphokoso ka Windows ka chida chozulidwa ndi kulowetsedwanso, ndipo nthawi iliyonse zikatero mipando itha kusinthana pakati pa gemu. Habu yokhala ndi adaputa yolowetsa pakhoma ndiyo yoyenera ntchitoyi.

Mukamaliza, lumikizani mapadi imodziimodzi motsata ndondomeko imene mukufuna, n'kutsegula gemu pomalizira, chifukwa magemu ena amawerenga mapadi poyambira pokha. Yesani padi iliyonse pa `Properties` mu `joy.cpl` kapena pa tsamba loyesera la Steam. Ngati onse 6 akuyankha kumeneko koma gemu ikuonabe anayi, yesani kusintha Steam Input ya gemuyo payokha, pa `Properties` kenako `Controller`, kamodzi itayatsidwa, kamodzi itazimitsidwa. Magemu ena amaona mapadi ambiri akamawerenga okha mwachindunji, pomwe Steam ikawamasulira onse kukhala a Xbox amabwereranso ku mipando inayi ija. Zonse ziwiri zikakanika, ndiye kuti malire ali mu gemu, ndipo palibenso chogula chimene chingathandize.

Padi imene ikukana ngakhale malo alipo

Nthawi zina osewera ndi awiri okha koma padi ikukanabe. Chifukwa chofala kwambiri ndi chakuti padiyo inalembetsedwa kwina. DualShock 4 imakumbukira makina amodzi okha, omaliza kulumikizidwa nawo. Ikagwiritsidwa ntchito pa foni, siibwerera yokha ku PS4. Pamafunika kuilowetsa pa chingwe cha USB n'kudina PS. M'mashopu a magemu m'matauni mwathu, momwe ma PS4 atatu kapena anayi amakhala m'chipinda chimodzi, izi zimachitika pafupipafupi: wina wachajira padi pa makina oyandikana nawo n'kudina PS, padiyo yasamukira kumeneko, ndipo tsopano ikuyendetsa menyu ya pa TV ina. Kulemba nambala pa padi iliyonse ndi pa makina ake, komanso kuchajira pa chaja ya pakhoma, kumathetsa zimenezi.

Chachiwiri ndi chingwe. Zingwe zambiri za micro-USB zobwera ndi matochi, masipika ndi mapawabanki zili ndi mawaya awiri a magetsi okha, opanda a uthenga. Padi imayaka nyali yachikasu kusonyeza kuti ikuchaja, koma makina saiona. Yesani chingwecho pa foni ndi kompyuta: ngati kompyuta siikuona mafayilo a m'foni, chingwecho ndi chochajira chabe. Chofanana ndi ichi ndi chingwe cha Play and Charge cha padi yopanda waya ya Xbox 360, chomwe chimangochaja. Padi imeneyo pa kompyuta imafuna risiva yakeyake, ndipo adaputa ya Xbox One siigwirizana nayo.

Kuti padi ioneke pa mndandanda wa Bluetooth wa kompyuta kapena foni, iyenera kuikidwa pa kusaka, osati kungoyatsidwa. Pa DualShock 4 gwirani SHARE ndi PS pamodzi mpaka nyali iyambe kuphethira kawirikawiri mofulumira. Pa DualSense ndi batani la Create pamodzi ndi PS. Pa Xbox ndi kabatani kapamwamba pafupi ndi doko la chingwe. Pa mapadi a Switch ndi kabatani ka SYNC. Ngati padi inalumikizidwapo kale ndi kompyutayo kenako n'kupita kwina, dzina lake lakale limakhalabe pa mndandanda ndipo makiyi achinsinsi a mbali ziwirizi sagwirizananso. Chotsani dzinalo ndi `Remove device` n'kuyambiranso. DualShock 4 ikakakamirabe, kuseri kwake pafupi ndi L2 kuli kabowo. Dinani kabatani ka m'katimo ndi kawaya kwa masekondi asanu, kenako muilowetse pa chingwe.

Palinso mapadi amene sangalumikizike ngakhale mutachita zonse molondola. Mapadi oyamba a Xbox One alibe Bluetooth. Inayamba ndi amene anatuluka ndi Xbox One S mu 2016. Muwasiyanitse poyang'ana pulasitiki yozungulira batani la Xbox: ngati ndi imodzi ndi nkhope ya padi, Bluetooth ilipo, koma ngati ndi imodzi ndi kumtunda komwe kuli LB ndi RB, palibe. DualSense siigwira pa PS4. DualShock 4 imalumikizika pa PS5 koma imasewera magemu a PS4 okha, choncho amene wagula PS5 n'kudalira mapadi ake akale kuti akwanitse anthu anayi mu gemu ya PS5 adzapeza kuti menyu ikuyenda bwino koma gemuyo ikumuuza kuti atenge DualSense.